Pasiwedi sidziwa nkhope ya mwini wake

Mwezi watha ndinaitanidwa ku shopu ina ya zipangizo zomangira m'tauni muno. Eni ake amakhala ku Katoto, ndipo akapita kokaoda katundu amayang'ana malonda kudzera pa AnyDesk, pulogalamu yolowera mu kompyuta uli kutali. Mtsikana wa pa kauntala ndiye anaona zachilendo: palibe wagwira kompyuta, koma kamuvi ka pa sikirini kakungoyenda kokha, kakutsegula buku la angongole. Ataimbira abwana ake, anati si iwo.

Palibe chinathyoledwa. Pasiwedi ya AnyDesk sinasinthidwe kwa zaka zitatu, ndipo oidziwa anali anayi, wina mwa iwo anasiya ntchito kalekale. Vuto la pasiwedi n'lomweli: wina akaikopera, inu mumakhala mukadali nayo, ndiye simudziwa kuti yabedwa. Ngakhale italike bwanji, kompyuta imatsegulira aliyense woilemba molondola. Mu 2021 kampani ya mafuta ya ku America, Colonial Pipeline, inaima kwa masiku angapo chifukwa akuba analowa pa akaunti yakale ya VPN, njira yolowera mu netiweki ya kampani uli kutali, yotetezedwa ndi pasiwedi yokha.

Mankhwala ake mumawadziwa kale. Pa makina otapira ndalama ku banki, khadi payokha sikwanira, nambala yachinsinsi payokhanso sikwanira. Apanso tikufuna ziwiri: chimene mukudziwa, ndi chimene chili m'manja mwanu.

Ku shopu kuja tinayamba tasintha pasiwedi. Kenako pa kompyuta ya mu shopu, mu AnyDesk pomwe pali Unattended Access, khomo lolowera popanda munthu pa kompyuta, tinayatsa Two-Factor Authentication, chitetezo cha ziwiri zija. Pa sikirini panabwera QR code, eni shopu n'kuijambula ndi pulogalamu ya Google Authenticator pa foni yawo. Kuyambira pamenepo foni imatulutsa manambala 6 amene amasintha masekondi 30 aliwonse, ndipo wolowa amafunsidwa pasiwedi ndi manambalawo. Foni ndi kompyuta zimawawerengera pazokha kuchokera ku chinsinsi chimene zinagawana pa QR code ija komanso nthawi, choncho safuna bandulo kapena netiweki. Ine ndimakonda njirayi kuposa yolandira manambala pa meseji, chifukwa nambala ya foni munthu wachinyengo atha kuisamutsira pa simu khadi ina.

Manambala akamakanidwa pomwe mwalemba bwinobwino, yang'anani wotchi. Foni kapena kompyuta ikatsalira ndi mphindi ziwiri zokha, kuwerengera kuja kumasemphana. Makompyuta akale amataya nthawi magetsi akazima, kabatire ka mkati kakatha mphamvu. Chinanso, AnyDesk imakupatsani kiyi yobwezera, yogwiritsa ntchito foni ikasowa, poyatsa paja. Ilembeni pa pepala, musunge kunyumba, chifukwa foni ikasowa mu minibasi mudzaifuna.

Koma chitetezochi chili ndi malire. Chimatseka khomo lolowera popanda munthu pa kompyuta. Wina akaimba foni kuti ndi wa ku banki, n'kutumiza pempho lolowera pa AnyDesk, mtsikana uja n'kudina Accept, walowa popanda manambala. Ndiye ndisanachoke ndinamuuza kuti, "Achemwali, pempho likabwera pa sikirini, dinani Dismiss, kenako muwaimbire abwana pa nambala yawo imene mukuidziwa."