Mutu wa imelo yofunsira ntchito: nambala ya malo ikhale patsogolo

Pa ntchito yanga yolemba anthu ntchito, tsiku lotsekera makalata ndimatsegula kompyuta n'kupeza maimelo atadzaza thoo. Sindiyamba ndi kuwerenga. Ndimayamba ndi kusankhula, ngati mayi wosankha nyemba pa lichero: awa a malo akuti, awa a malo akuti. Pa nthawi imeneyo chimene ndikuona ndi dzina la wotumiza ndi mutu wa imelo, kamzere kaja mumalemba pomwe palembedwa `Subject`. Mbiri ya maphunziro anu ndi masatifiketi zimakhala zisanatsegulidwe n'komwe.

Tiyerekeze kuti kampani ina ku Blantyre yalengeza malo atatu nthawi imodzi: dalaivala, wosunga katundu ndi wothandiza kuwerengera ndalama. Pa malo achitatuwa chilengezo chati mulembe nambala `AA/07` pa mutu wa imelo. Ofunsira ambiri amayesa kuti nambalayo n'chokometsera chabe. Ayi. Mapulogalamu ngati Outlook ndi Gmail amalola munthu kuikiratu lamulo loti imelo iliyonse yokhala ndi mawu akutiakuti pa mutu izipita yokha pamalo ake. Ngakhale wolemba ntchito amene sanaike lamulolo, ikakwana nthawi yosankha oitanidwa ku intavyu amangofufuza polemba chonchi:

```
subject:AA/07
```

Zimene zatuluka ndizo amaziwerenga. Imelo yanu ikakhala ndi mutu woti "Ndikufuna ntchito", siituluka. Palibe amene waikana, yangotsalira pakati pa makalata a ogulitsa katundu ndi a misonkhano, ndipo nthawi zina ndimakaipeza intavyu itachitika kale.

Makina alibe chifundo pa kalembedwe. Munthu akhoza kuzindikira kuti `AA/7` ndi `AA/07` n'chimodzimodzi, koma lamulo la mu kompyuta silingatero. Chimene chimandimvetsa chisoni kwambiri ndi amene walemba chilembo O m'malo mwa ziro, chifukwa ndi maso zimaoneka zolondola, mwini wake n'kumadikira yankho mtima uli m'malo. Ngati chilengezo mwachiona pa foni, ikopereni nambalayo n'kuimata. Ngati chili m'nyuzipepala, yerekezani chilembo ndi chilembo musanatumize.

Mutu wabwino wa malo amenewa ungaoneke motere:

```
AA/07 Accounts Assistant - dzina lanu lonse
```

Dzina la ntchito lilembedwe monga lilili pa chilengezo, m'chilankhulo chomwecho, osalitanthauzira kapena kulifupikitsa. Nambala yatsogola chifukwa enafe timayamba kuona makalata pa foni, ndipo foni imadula mutu wautali, n'kungoonetsa mawu ochepa oyambirira. Mukayamba ndi mawu aulemu ataliatali opempha kuti akuganizireni, kumene kudulidweko n'kumene kuli nambala ndi dzina la ntchito. Ulemu uli ndi malo ake m'kati mwa kalata.

Nanga dzina lanu likufuniranji poti limaoneka kale ngati wotumiza? Chifukwa si nthawi zonse limene likuonekalo limakhala lanu. Ena amatumiza pa adiresi ya mlongo wawo, ena pa ya mnyamata wa pa shopu yosindikiza mapepala, ena adiresi yawo ili ndi dzina lamasewera la ku sekondale. Komanso ndikapatsira imelo yanu kwa mkulu wa nthambi yowerengera ndalama, iye amaona dzina langa ngati wotumiza, ndiye asanaitsegule lanulo limaoneka pa mutu pokha.

Pali chizolowezi china chimene ndimachiona pafupifupi pa malo alionse amene talengeza. Munthu amatenga imelo imene anatumiza ku kampani ina mwezi watha n'kungoipatsira kwa ife, poopa kumangiriranso mafayilo. Mutu umafika uli ndi `Fwd:` kutsogolo, dzina la ntchito ya kwina lili pompo, mwinanso ndi dzina la kampani inayo. Sindikwiya kuti mukufunsira kwina, aliyense amatero. Vuto n'lakuti sindidziwa malo amene mukufuna kwa ife. Yambani imelo yatsopano. Mawu ngati `URGENT` ndi zilembo zazikulu zokhazokha sizifulumizitsa kanthu, ndipo zimangofanizira kalata yanu ndi ya akathyali a pa intaneti.

Ngati chilengezo chanena ndondomeko yake ya mutu, tsatirani imeneyo ngakhale isiyane ndi yangayi. Ngati chilibe nambala, yambani ndi dzina la ntchito, kenako dera ngati malowo ali m'mizinda ingapo, monga Mzuzu kapena Zomba, n'kumaliza ndi dzina lanu. Mukufuna malo awiri pa kampani imodzi? Tumizani maimelo awiri, iliyonse ndi mutu wake, pakuti kawirikawiri malo alionse amakhala ndi wowerenga wake.

Mukamaliza, dzitumizireni imeloyo kaye nokha, muyang'ane pa foni musanaitsegule. Ngati nambala ndi dzina la ntchito zikuoneka zonse osadulidwa, itumizeni kwa ife ngati imelo yatsopano.