Lachiwiri lachiwiri, Lachisanu lomaliza: mafunso ndi mayankho pa misonkhano yobwerezabwereza pa kalendala

Gulu lathu la banki mkhonde limakumana Lachiwiri ili, kudumpha linalo. Ndinasankha `Monthly on the second Tuesday` pa Google Calendar, koma masiku sakugwirizana ndi a m'kope mwa mlembi. Ndalakwitsa pati?

Mwasankha lamulo lowerenga mwezi, pamene gulu lanu limawerenga masabata. Tiyeni tione ndi chaka cha 2026, kuyambira Lachiwiri pa 13 Januwale. Lamulo lodumpha sabata lipereka 13 ndi 27 Januwale, 10 ndi 24 Febuluwale, 10 ndi 24 Malichi, kenako 7 ndi 21 Epulo. Lomwe mwasankhalo lipereka tsiku limodzi pa mwezi: 13 Januwale, 10 Febuluwale, 10 Malichi, 14 Epulo. Mpaka Malichi, tsiku la pa foni likupezekanso m'kope, choncho munthu amangoganiza kuti masiku ena asowa. Pofika Epulo ndiye zimasiyaniratu, chifukwa Malichi ali ndi ma Lachiwiri asanu. Pa chaka, lamulo loyamba limabweretsa misonkhano pafupifupi 26, linalo 12 yokha.

Kukonza kwake, tsegulani msonkhanowo pa kompyuta, dinani pomwe pali lamulo lobwereza, musankhe `Custom`. Pa `Repeat every` lembani 2 ndi kusankha `weeks`, ndipo pa `Repeat on` musiye Lachiwiri lokha. Samalani ndi tsiku loyambira, popeza kalendala imawerengera kudumphako kuchokera pamenepo. Mukayambira pa 20 Januwale m'malo mwa pa 13, masiku onse apita ku sabata lomwe anzanu ali kumunda.

Gulu lomwe limati "kawiri pa mwezi, sabata loyamba ndi lachitatu" lisatenge lamulo la masabata awirili. Likhazikitse misonkhano iwiri yosiyana ya pamwezi, wina wa Lachiwiri loyamba, wina wa lachitatu.

Ndikufuna Lachisanu lomaliza la mwezi. Kodi si chimodzimodzi ndi `fourth Friday`?

Miyezi yambiri n'chimodzimodzi, ndipo msampha wake ndi womwewo. Mu 2026 miyezi inayi ili ndi ma Lachisanu asanu: Januwale, Meyi, Julayi ndi Okutobala. M'miyezi imeneyi lachinayi limagwa pa 23, 22, 24 ndi 23, pomwe lomaliza lili pa 30, 29, 31 ndi 30. Munthu amene anasankha `fourth` mu Febuluwale sadzaona cholakwika mpaka Meyi, foni ikadzamuitanira ku msonkhano kudakali sabata lathunthu.

Google Calendar imakupatsani zosankha potengera tsiku lomwe mwaikapo msonkhano. Mukauika pakati pa mwezi, mawu oti `last` simuwaona. Njira yosaphonya ndi kuyambira pa Lachisanu lachisanu la mwezi, monga 30 Januwale kapena 29 Meyi, kenako n'kusankha `Monthly on the last Friday`. (Chichewa chathu pano chimasokoneza chokha. Polembera anthu uthenga, "Lachisanu lachinayi" wina aliwerenga ngati Lachinayi, ndiye lembani ndi deti lomwe.)

Mukasunga, pitani patsogolo mpaka mwezi wa ma Lachisanu asanu muone pomwe msonkhano wagwera. Mwezi wotsatira wokha sungakuuzeni zoona.

Lendi ndimalipira tsiku lomaliza la mwezi. Ndinaika pa 31, koma Febuluwale ndi Epulo mulibe chikumbutso.

Makalendala ambiri amasunga kubwereza m'kamzere kotchedwa `RRULE`, motsatira muyezo wa iCalendar, RFC 5545, wa mu 2009. Muyezowu umati lamulo likatulutsa deti lomwe kulibe, monga 31 Epulo, detilo lingotayidwa. Ndiye Febuluwale, Epulo, Juni, Seputembala ndi Novembala amadumphidwa, kutsala miyezi 7. Outlook imachita zina: imakokera chikumbutsocho pa tsiku lomaliza la mwezi waufupiwo, n'chifukwa chake wina wa Outlook angakutsutseni kuti kwake zimayenda.

Lamulo loyenera limawerenga chafutambuyo, `BYMONTHDAY=-1`, kutanthauza tsiku loyamba kuchokera kumapeto, ndipo limalowetsedwa kudzera m'fayilo monga zafotokozedwera m'munsimu. Ngati simukufuna zolembalemba, ikani chikumbutso pa 28, deti lomwe mwezi uliwonse uli nalo.

Nanga tsiku lomaliza logwira ntchito m'mwezi? Pa `Custom` palibe.

Zoona, koma Google Calendar imalandira lamuloli likabwera m'fayilo. Lembani izi m'pulogalamu yolembera mawu wamba monga Notepad, musunge ndi dzina lothera `.ics`:

```
BEGIN:VCALENDAR
VERSION:2.0
PRODID:-//Kalendala//NY
BEGIN:VEVENT
UID:mapeto-a-mwezi-2026
DTSTAMP:20260101T000000Z
DTSTART;VALUE=DATE:20260130
RRULE:FREQ=MONTHLY;BYDAY=MO,TU,WE,TH,FR;BYSETPOS=-1
SUMMARY:Kutseka mabuku
END:VEVENT
END:VCALENDAR
```

Kenako pa kompyuta pitani ku `Settings`, `Import & export`, musankhe fayiloyo ndi kudina `Import`.

Mzere wa `RRULE` uwerengeni chonchi. `FREQ=MONTHLY` akuti ntchitoyi ichitike mwezi ndi mwezi. `BYDAY` akusonkhanitsa masiku onse a mweziwo oyambira Lolemba mpaka Lachisanu, ndipo `BYSETPOS=-1` akutolapo lomaliza pa muluwo. Mu Januwale 2026, pa 31 ndi Loweruka, choncho litola Lachisanu pa 30. Mu Malichi litola Lachiwiri pa 31. Deti la pa `DTSTART` lizikhala lomwe lamulolo lingatole lokha. Likasemphana, pulogalamu iliyonse imachita zake, ndipo mutha kupeza tsiku lowonjezera koyambirira.

Mukasintha mzere womwewo mupeza malamulo enawo, bola musinthenso `DTSTART` ndi `UID`. `FREQ=MONTHLY;BYDAY=-1FR` ndi Lachisanu lomaliza, ndipo `FREQ=MONTHLY;BYDAY=1TU,3TU` ndi Lachiwiri loyamba ndi lachitatu mu msonkhano umodzi. Mukalowetsa, musakagwirenso pomwe pali kubwereza, chifukwa mukasankhapo china lamulo lanu lifafanizika. Dziwaninso kuti lamuloli siliona maholide. Kwa ilo tsiku logwira ntchito ndi lililonse losakhala Loweruka kapena Lamlungu.

Lachisanu lomaliza la Disembala 2026 ndi Khrisimasi. Ndisuntha bwanji tsiku limodzi lokhalo?

Tsegulani msonkhano wa pa 25 Disembala, sinthani deti kukhala 18, ndipo ikakufunsani musankhe `This event`. Enawo sakhudzidwa. `This and following events` ndi wa pamene gulu lagwirizana kusintha kuyambira lero kupita m'tsogolo: amadula mndandanda pawiri, zakale n'kukhala momwe zinalili. `All events` amalembanso ndi misonkhano yomwe inachitika kale, ndipo kusintha nthawi kapena lamulo la mndandanda wonse kungathe kufufuta masiku omwe munasuntha pamanja. Pambuyo pake kaoneninso Disembala uja.

Pa msonkhano wabanja wa pa vidiyo, achimwene a ku London amalowa mochedwa ndi ola lathunthu miyezi ina. Ku Joni zilibe vuto.

Malawi ndi South Africa ali pa nthawi imodzi, maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi yomwe dziko lonse limayezerapo mawotchi, chaka chonse. Britain imakankhira wotchi patsogolo ndi ola limodzi Lamlungu lomaliza la Malichi, n'kuibweza Lamlungu lomaliza la Okutobala. Mu 2026 ndi pa 29 Malichi ndi 25 Okutobala. Msonkhano wobwereza umamangirira ku nthawi ya dera limodzi, lomwe mwasankha pa `Time zone`. Mukaumangirira kuno pa 7 koloko madzulo, ku London ukhala 5 koloko mu Januwale ndi 6 koloko mu Juni. Kalendala ya achimwenewo imaonetsa zolondola, koma iwo anangoloweza "6 koloko", ndiye wotchi ikabwezedwa amafika inu mutacheza kale ola. Atakhazikitsa ndi iwowo pa nthawi ya London, ola losunthalo ligwera inu. Gwirizanani mbali yomwe nthawi yake isamasunthe, kawirikawiri yomwe kuli anthu ambiri, ndipo msonkhanowo muumangirire kumeneko.