Pepala limodzi loti munthu apite nalo kumunda

Maphunziro akamatha, wophunzitsa amatulutsa mulu wa mapepala omanga ndi sitepulala n'kuyamba kugawa. Mukayang'ana, mumapeza kuti ndi masilaidi omwe aja mwakhala mukuwaonera pakhoma tsiku lonse, koma tsopano afinyidwa asanu ndi limodzi pa tsamba. Mu PowerPoint ntchito imeneyi siitenga ngakhale mphindi imodzi: mumapita pa File, kenako Print, n'kusankha "6 Slides Horizontal". Ine ndinachita zimenezi kwa zaka zingapo pophunzitsa alangizi ndi alimi otsogola, ndipo sindikayika kuti ambiri mwa mapepala anga anathera poyatsira mbaula.

Anthuwo sanalakwe. Silaidi imalembedwa kuti ikhale pambali pa munthu amene akulankhula. Imanena mawu atatu kapena anayi, mwiniwake n'kumalizitsa ndi pakamwa. Mukamuchotsapo wolankhulayo, chotsala ndi mafupa opanda mnofu. Silaidi yoti "Mtunda woyenera wa mapando" imamveka bwino m'holo chifukwa mlangizi akuonetsa ndi manja. Ikafika kunyumba, patapita masabata awiri, imangokhala mutu wa nkhani yomwe palibe akuikumbuka.

Choncho ndisanalembe pepala logawa, ndimayamba ndadzifunsa kuti munthuyu adzalitulutsa liti m'thumba, ali kuti, ndipo akufuna kuchita chiyani. Masilaidi ndi a tsiku la msonkhano. Pepala ndi la tsiku limene ine kulibe.

Titenge phunziro la kabzalidwe ka chimanga kamene alimi ambiri amakatchula kuti Sasakawa: mizere yotalikirana masentimita 75, mapando otalikirana masentimita 25, mbewu imodzi pa phando. Tinene kuti wophunzitsa ali ndi masilaidi 20 ndipo anthu alipo 40. Pakhoma akuonetsa zithunzi za minda iwiri, wina wobzala mbewu zitatu pa phando ndi wina wobzala imodzi. Akufotokoza chifukwa chake mbewu zothithikana zimalimbirana chakudya ndi dzuwa, ndipo akuyankha amene akudandaula kuti njirayi imachulukitsa ntchito. Zonsezi ndi zokopa ndi zomvetsetsa, ndipo malo ake ndi m'holo momwemo. Pa pepala sizifunika kubwerezedwa.

Tsiku lofunika pepala ndi lina. Mvula yobzalira yagwa usiku, mlimi ali m'munda m'mawa ndi khasu, chingwe ndi thumba la mbewu. Kapena ali kusitolo ya zipangizo zaulimi, akufuna kudziwa kuti agule zochuluka bwanji. Pa nthawi imeneyo safuna kukopedwanso. Akufuna manambala, ndipo akufuna manambala a munda wake.

Apa ndi pamene pepala limaposa silaidi. Pakhoma, wophunzitsa amanena za hekitala chifukwa ndi mmene mabuku a ulimi amawerengera: mbewu pafupifupi makilogalamu 25, feteleza wokulitsa matumba awiri a makilogalamu 50, ndi wobereketsa wa yureya matumba atatu, ngati umenewo ndiwo mlingo womwe alangizi a deralo akupereka. Koma alimi ambiri salima hekitala. Amalankhula za ekala kapena theka la ekala. Ekala ndi pafupifupi magawo anayi mwa magawo khumi a hekitala, choncho masamuwo muwachitire inuyo, muli pa desiki. Pa pepala muike tebulo la mizere itatu. Theka la ekala: mbewu makilogalamu 5, wokulitsa 20, wobereketsa 30. Ekala imodzi: 10, 40 ndi 60. Hekitala: 25, 100 ndi 150. Tebulo lotere mukaliika pakhoma, a kumbuyo saliona ndipo a kutsogolo amayamba kukopera m'malo momvetsera. Pa pepala, munthu amatsata ndi chala mpaka pa mzere wake.

Chimodzimodzinso nambala yotchuka ija ya mapando 53,333 pa hekitala. Ndi yolondola, imachokera pogawa masikweyamita 10,000 a hekitala ndi 0.1875, yomwe ndi mamita 0.75 kuchulukitsa ndi 0.25, ndipo pa silaidi imathandiza kuonetsa kukula kwa nkhaniyo. Koma palibe amene adzawerenge mapando zikwi makumi asanu m'munda. Pa pepala lembani chinthu chimene munthu angathe kudziyesa nacho: pa mzere wotalika mamita 10 payenera kukhala mapando pafupifupi 40. Akapeza 25, adziwa kuti watalikitsa. Akapeza 60, wathinitsa.

Pali chinthu chimodzi chimene ndimachikonda kwambiri pa chitsanzo chimenechi, chifukwa pulojekita singachichite ngakhale itakhala yodula bwanji. Pepala la A4 ndi lotalika masentimita 29.7, m'lifupi 21. Mukasiya masentimita awiri kumwamba ndi awiri kunsi, mumatsala ndi 25.7. Ndiye kuti m'mbali mwa pepalalo mukhoza kujambula mzere wakuda wotalika masentimita 25 ndendende, n'kulembapo kuti: "Dulani kamtengo kofanana ndi mzere uwu. Kamodzi ndi mtunda wa mapando, katatu ndi mtunda wa mizere." Pepala lasanduka chida choyezera. Munthu amene alibe tepi sangalitaye msanga.

Koma apa pali msampha umene ndinagweramo. Mapulogalamu ambiri osindikizira PDF amachepetsa tsamba pang'ono kuti likwane bwino, ndipo makina a fotokope nawonso akhoza kukhala kuti wina anawasiya pa mlingo wochepetsa. Ulendo wina mzere wanga unatuluka wopereweza ndi sentimita yathunthu, ndipo ndinazindikira titasindikiza kale onse. Posindikiza sankhani "Actual size" osati "Fit", ndipo pepala loyamba likangotuluka, ikanipo rula musanalole kuti apitirize. Ndimalembanso pansi pa mzerewo kuti muyezo umenewu umagwira ntchito pa pepala lokha, chifukwa wina adzalijambula ndi foni n'kulitumiza pa WhatsApp, ndipo pafoni mzere uja sukhalanso masentimita 25.

Za kaikidwe ka zinthu pa tsamba sindichulutsa. Pamwamba pakhale mutu wonena ntchito, monga "Kubzala chimanga mbewu imodzi pa phando: miyezo ndi zogula", osati dzina la msonkhano ndi zizindikiro za mabungwe zodya kotala la tsamba. Zizindikirozo zitsike pansi, zikhale zazing'ono. Pansi pa mutu pabwere ziganizo ziwiri kapena zitatu zonena mfundo yaikulu, zoti ngakhale amene sanabwere amve. Kenako tebulo lija, kenako ndondomeko ya zochita motsatana monga zimachitikira m'munda, mpaka pa kuthira wobereketsa pakapita masabata atatu kapena anayi chimanga chitamera. Malemba akhale a saizi 11 kapena 12. Mukaona kuti mwayamba kutsitsa kufika pa 9 kuti zonse zikwane, vuto si saizi ayi, mwalemba zambiri. Kwa ine, tsamba lokhala ndi tebulo ndi chojambula chimodzi limadzaza ndi mawu osapitirira 300, ndipo Chichewa chimadya malo kuposa Chingerezi chifukwa mawu athu ndi aatali. Muzilemba m'Chichewa kuyambira pachiyambi, osati kukonza tsamba la Chingerezi lodzaza kale n'kumayembekeza kuti kumasulira kukwana pomwepo.

Ziganizo zikhale zathunthu. Pa silaidi mukhoza kulemba kuti "Feteleza: kutali ndi mbewu". Pa pepala nenani kuti feteleza athiridwe m'kadzenje pakati pa mapando awiri ndi kukwiriridwa, asakhudzane ndi mbewu chifukwa amaiwotcha. Kachidutswa koti "chifukwa amaiwotcha" n'kamene kamachititsa munthu kutsatira langizo pamene palibe womuyang'anira.

Kumbukiraninso kuti pepala lanu lidzadutsa pa fotokope ya inki yakuda, mwina kawirikawiri. Tchati chimene pakhoma chimasiyanitsa zinthu ndi mtundu wofiira ndi wobiriwira chimatuluka chotuwa mbali zonse. Chithunzi cha munda chimasanduka chibanga chakuda. Chojambula cha mizere chabe, chosonyeza mizere iwiri ya m'munda, timadontho ta mapando ndi manambala ake, chimapirira ngakhale chikopedwe kasanu. Malemba oyera pa bokosi lakuda asiyeni, amatha inki ndipo amafufutika.

Funso limene anzanga amakangana nalo kwambiri ndi la nthawi yogawa. Ena amati mukagawa poyamba, anthu amaweramira pa pepala n'kusiya kukumverani. N'zoona, koma zimachitika makamaka pamene pepalalo ndi masilaidi omwewo, chifukwa munthu amathamangira kutsogolo kukaona kumene nkhani ikuthera. Pepala la mtundu umene ndikunenawu ine ndimaligawa pakati, pa nthawi imene lafunika. Ndikafika pa za miyezo, silaidi imangonena kuti "Onani tebulo pa pepala lanu", ndimaleka kulankhula, ndipo aliyense amapeza mzere wa munda wake n'kuuzungulira ndi cholembera. Amene munda wake ndi ekala ndi theka amawerengera pomwepo, n'kulemba pa mzere wachinayi womwe ndimausiya wopanda kanthu. Pepala limene munthu walembapo ndi dzanja lake amalisunga mosiyana ndi limene wangopatsidwa pakhomo potuluka. Ndipo magetsi akathima pakati pa phunziro, monga zimachitikira, mumakhala ndi popitirizira.

Pansi penipeni pasasowe mwezi ndi chaka chimene pepalalo lalembedwa, dera limene miyezoyo ikugwira ntchito, ndi kumene munthu angakafunse. Malangizo a feteleza amasiyana malinga ndi nthaka ndipo amasintha ndi zaka, pomwe pepala likhoza kukhala m'chikwama nyengo zitatu n'kubwerekedwa ndi wachibale wa boma lina.

Musanapite kukasindikiza, pezani munthu amene sadzakhala nawo pa phunzirolo, kaya ndi dalaivala kapena mlonda wa pa ofesi amene amalima kwawo. Mupatseni pepalalo osafotokoza kanthu, n'kumufunsa kuti: muli ndi theka la ekala, mugula mbewu yochuluka bwanji, ndipo mapando muwayeza bwanji? Muone pamene chala chake chikuima. Akatembenuka kukufunsani kuti "apa mukutanthauza chiyani?", musamuyankhe ndi pakamwa. Lembani yankholo pa pepala, ndipo kuti lipeze malo, chotsanipo chiganizo chimodzi chimene masilaidi ananena kale.