Maminitsi a nkhani ya likasa: lembani zimene zinaoneka, chigamulo si chanu

Pa misonkhano yonse imene aphunzitsi amachita pa teremu, wovuta kuulemba ndi uja wokambirana za kusokonekera kwa mayeso. Anthu amalowa m'chipinda mitima ili m'mwamba. Wina wakwiya chifukwa phunziro lake ndi limene lakhudzidwa, wina akuopa chifukwa ndiye anasunga makiyi, ndipo ena abwera atagamula kale mlandu ali kunyumba. Pakati pa onsewa pamakhala mlembi ndi buku lake. Zimene iye alembe tsiku limenelo zikhoza kudzawerengedwa patapita miyezi ndi kholo la mwana, komiti yosungitsa mwambo, kapena akuluakulu a ku ofesi ya maphunziro, anthu amene sanali m'chipindamo ndipo alibe kwina kodziwira zimene zinachitika.

Ndalemba ndi kuwerenga maminitsi oterewa kwa zaka zambiri, ndipo vuto limene ndimakumana nalo kawirikawiri ndi limodzi. Mlembi amasakaniza zinthu zitatu zimene ziyenera kukhala padera: zimene munthu anaona ndi maso ake, zimene anangomva kwa ena, ndi zimene akuganiza. Zitatuzi zikalowa m'chiganizo chimodzi, mphekesera imavala malaya a umboni, ndipo wowerenga sangathenso kuzilekanitsa.

Tiyerekeze nkhani iyi. Pa sekondale ina, ana a Folomu 4 akulemba mayeso a moko, pepala la Bayoloje. Mphunzitsi woyang'anira chipinda wapeza kapepala kolembedwa pamanja pansi pa desiki ya mwana wina. Atawerenga, waona kuti mfundo za pakapepalako zikugwirizana ndi mafunso awiri a m'pepala la tsikulo. Kenaka zamveka kuti m'mawa, envulopu ya mafunso inapezeka ndi mapepala 59 pomwe panja pake panalembedwa 60. Ahedi aitanitsa msonkhano wa aphunzitsi onse madzulo.

Mlembi wothamanga amalemba kuti: "Msonkhano unamva kuti mwana wa Folomu 4 wagwidwa akubera mayeso ndi likasa limene anapatsidwa ndi mphunzitsi wa Bayoloje, amene anatulutsa pepala." Chiganizo chimenechi n'chachifupi ndipo chikumveka bwino, koma chanena zinthu zinayi zimene palibe amene watsimikiza. Kapepala kanapezeka pansi, osati m'manja mwa mwanayo. Palibe amene wanena kuti anamuona akukawerenga. Palibe amene anaona mphunzitsi akupereka kanthu. Ndipo pepala limodzi losowa m'envulopu likhoza kukhala kuti linabedwa, komanso likhoza kukhala kuti wowerengera pa makina osindikizira anaphonya. Mlembiyu, asakudziwa, waweruza anthu awiri iwo asanamvedwe.

Nkhani yomweyi ikhoza kulembedwa motere:

"Woyang'anira Chipinda 2 anafotokoza kuti cha m'ma 9:40 m'mawa, mayeso a Bayoloje ali mkati, anaona kapepala kolembedwa pamanja kali pansi pa desiki nambala 17. Anakatola, anaitana wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu kuti akaone, ndipo onse awiri anasayina kuseri kwake ndi kulembapo nthawi. Wophunzira wa pa desikiyo analoledwa kumaliza mayeso. Atafunsidwa ngati anaona wophunzirayo akuwerenga kapepalako, woyang'anira anayankha kuti sanaone. Mkulu wa dipatimenti ya sayansi anati mfundo za pakapepalako zikugwirizana ndi funso 3 ndi funso 7. Kapepalako kasungidwa mu ofesi ya mphunzitsi wamkulu."

Onani kuti chiganizo chilichonse chili ndi mwini wake. Wowerenga akudziwa amene ananena, nthawi, malo ndi kumene umboni uli tsopano. Onaninso funso lija la ngati anamuona akuwerenga. Alembi ambiri amasiya mayankho oterewa poganiza kuti "sindinaone" si nkhani. Komatu yankho limeneli ndi limene lingapulumutse mwana wosalakwa, ndipo ngati mwanayo analakwadi, limathandiza komiti kudziwa kuti umboni uyenera kuchokera kwina, monga kufananitsa kalembedwe ka pakapepala ndi ka m'makope ake. Kulemba mosakondera ndi kulemba mfundo zomangitsa ndi zomasula zomwe, chilichonse pa malo pake.

Pa nkhani ya envulopu m'pamene mlembi ayenera kudekha kwambiri, chifukwa apa pakhudza ntchito ya munthu. Chofunika kulondola ndi ulendo wa pepala: analilemba ndani, analitayipa ndani, linasindikizidwa tsiku liti, anawerengera ndani, linasungidwa kuti, makiyi anali ndi yani, ndipo envulopu inatsegulidwa pamaso pa ndani. Maminitsi anene kuti mphunzitsi wa Bayoloje anapereka mafunso ku ofesi Lolemba, kuti anasindikizidwa Lachitatu iye ali pomwepo pamodzi ndi kalaliki, kuti envulopu inamatidwa n'kuikidwa m'kabati imene makiyi ake amasunga ahedi ndi wachiwiri wawo. Anenenso ngati woyang'anira anapeza envulopuyo ili yomata bwino kapena ili ndi zizindikiro zoti inatsegulidwapo. Ngati palibe amene anayang'ana, lembani zomwezo: "Palibe amene anayang'ana mmene envulopu inalili isanatsegulidwe." Mpata umenewo ndi mfundo pawokha, ndipo nthawi zambiri ndi umene umasonyeza pamene dongosolo la sukulu lafooka.

Nanga mphunzitsi wina akaimirira n'kunena kuti ana akhala akulankhula kuti pepalali linagulitsidwa ku hositelo? Mawu amenewo anenedwa mumsonkhano, choncho simungawabise, koma alembedwe monga mmene alili: "Mphunzitsi wina anati anamva kwa ophunzira kuti mafunso anadziwika mayeso asanafike. Sanatchule amene anamuuza. Wapampando anapempha kuti aliyense amene ali ndi umboni aupereke molemba pofika Lachisanu." Mneni amene mwasankha ndi amene amanyamula kusiyanaku. "Anati", "anafotokoza", "anafunsa" ndi "anayankha" amangonena zimene zinachitika. "Anaulula", "anavomera", "anazemba funso" ndi "anadzitchinjiriza" amaonetsa kuti mlembi wasankha kale mbali. Munthu amene wanena kuti analowa mu ofesi Lachinayi sanavomere mlandu uliwonse; wangonena kumene anali.

Za kupsa mtima, kumenya tebulo ndi mawu onyoza, musalembe. Ngati mawu anakula mpaka wapampando anaimitsa msonkhano, lembani kuti msonkhano unaima kwa mphindi khumi ndipo unayambiranso. Koma kusagwirizana pa mfundo kulembedwe. Ngati aphunzitsi 14 anafuna kuti kalasi lonse lilembenso pepala lina, 6 anakana chifukwa ana ambiri sanalakwe, ndipo awiri sanavote, manambalawo alowe pamodzi ndi zifukwa za mbali zonse. Mawu oti "onse anagwirizana" amalembedwa mopepuka kwambiri m'mabuku athu, ndipo amawawa tsiku limene wina mwa okanawo awawerenga.

Pali chifukwa cha malamulo chimene ndimalimbikira zonsezi. Gawo 43 la malamulo aakulu a dziko lino limapatsa munthu aliyense ufulu woti akuluakulu akamachita chinthu chomukhudza atsate njira yachilungamo, komanso kuti apatsidwe zifukwa molemba. Mwana woimitsidwa sukulu kapena mphunzitsi wolembedwa kalata akakadandaula, ofufuza amafunsa ngati munthuyo anauzidwa mlandu wake ndiponso ngati anapatsidwa mpata woyankha. Maminitsi osonyeza kuti aphunzitsi anamutcha wakuba iye asanaitanidwe amagwetsa nkhani ya sukulu, ngakhale pamene sukulu inali ndi umboni wabwino. Motero ngati mphunzitsi wa Bayoloje anayankha mumsonkhano, yankho lake lipatsidwe malo okwanira. Ngati anapemphedwa kutuluka pokambirana za iye, lembani nthawi imene anatuluka ndi imene anabwerera. Ngati mwanayo sanamvedwe, nenani poyera kuti sanamvedwe ndipo tsiku lomumvera ndi lakuti.

Dzina la mwana ine sindiliika m'maminitsi a msonkhano wa aphunzitsi onse. Buku limeneli limadutsa m'manja ambiri, ndipo nkhani ikafika kumsika siibweranso. Nambala ya desiki kapena ya mayeso ndi yokwanira, dzina likhale pa pepala lapadera losungidwa kwa ahedi.

Tiyenera kudziwanso malire a msonkhanowu. Moko komanso mayeso a pa teremu ndi nkhani imene sukulu imayamba kuiona yokha, koma mayeso a MSCE, JCE ndi PSLCE ali m'manja mwa bungwe la MANEB. Zikasokonekera pa mayeso amenewo, lipoti limapita ku bungweli kudzera kwa oyang'anira amene linawatuma, ndipo kulanda zotsatira za mwana si mphamvu ya aphunzitsi. Tonse tikukumbukira mu Novembala 2020 pamene boma linaimitsa mayeso a MSCE chifukwa mapepala anabedwa, ana n'kudzalembanso mu Januwale 2021. Pa nkhani za mtundu umenewu apolisi amalowererapo, ndipo chilichonse chimene sukulu inalemba chikhoza kufunsidwa. Maminitsi anu angosonyeza zimene aphunzitsi anauzidwa, lipoti limene linatumizidwa, tsiku lake ndi amene analandira.

Gawo lomaliza la maminitsi ndi la zochita, ndipo lililonse likhale ndi munthu ndi tsiku. "Nkhaniyi ifufuzidwa" sizithandiza aliyense. Pa nkhani yathu ija tingalembe kuti woyang'anira Chipinda 2 apereke lipoti lolemba ndi losayina pofika mawa masana. Wachiwiri kwa mphunzitsi wamkulu aitane kholo la wophunzira kuti lidzakhalepo pomumvera Lachiwiri. Mkulu wa dipatimenti ya sayansi akonze pepala lina, ndipo anthu awiri awerengere mapepala n'kusayina pa envulopu isanamatidwe.

Mukatuluka mumsonkhano, lembani bwino tsiku lomwelo mutu usanaiwale, ndipo musataye pepala limene munkalembapo mwachangu mpaka maminitsi atavomerezedwa. Wapampando ali ndi ufulu wowawerenga ndi kukonza tsiku kapena nambala yolakwika, koma wopempha kuti muchotse mawu amene ananenedwadi muyankheni mwaulemu kuti, "Bwana, zimenezo mukazinene pa msonkhano wotsatira, tidzazilemba ngati zokonza." Kumeneko maminitsi amawerengedwa, wina amapereka ganizo loti avomerezedwe, wina n'kugwirizana nalo, kenaka wapampando ndi mlembi amasayina ndi kulemba tsiku. Ngati buku ndi lolemba pamanja, mawu olakwika adulidwe ndi mzere umodzi woti akale aziwerengekabe, ndipo nonse awiri musayine m'mbali mwake. Tsamba lisang'ambidwe ndipo utoto wofufutira usagwiritsidwe ntchito, chifukwa wofufuza akaona malo ofufutidwa m'buku la nkhani ya mayeso amayamba kukayikira masamba ena onse.