"Ndi kosi imodzi yokha" ndi mawu amene amadya chaka cha mwana

Nthawi iliyonse ndikabwera kwathu kuno ku Salima pa holide, makolo amandiimitsa pa Kamuzu Road ndi mawu omwewo: "Aphunzitsi, mwana wangolakwa kosi imodzi yokha, ena onse wakhoza." Amanena akumwetulira. Ine ndatopa nawo mawuwa, chifukwa ku yunivesite sitiwerenga ngati ku sekondale, kumene masamu akakukanika umadalira maphunziro ena asanu ndi limodzi n'kutenga MSCE yako. Ku yunivesite kosi iliyonse ya pulogalamu yako uyenera kuikhoza, apo ayi digiri palibe.

Wolakwa kosi amapatsidwa kaye sapu, ndiye kuti mayeso obwereza amene amalembedwa chaka china chisanayambe. Si aliyense amene amaipeza. UNIMA, MUBAS, LUANAR, MUST, KUHeS ndi Mzuni, iliyonse ili ndi malamulo ake onena kuti ulakwe makosi angati komanso ndi malikisi otani kuti uloledwe sapu, ndipo malamulowo ali m'kabuku kamene mwana amalandira chaka choyamba n'kukaiwala m'chikwama. Kawirikawiri ukakhoza sapu amakulembera malikisi ongokwanira kukhoza, ngakhale utapeza 80. Palibe vuto, bola wadutsa. Koma ukailakwanso, kapena osabwera kudzalemba, kosiyo imasanduka keriova: umapita nayo chaka chotsatira n'kuiphunziranso kuyambira pachiyambi, kulowa m'kalasi, kulemba maasainimenti ndi matesiti onse.

Pali mnyamata wina wa kunyanja kuno amene nkhani yake imandiwawabe. Anali chaka choyamba cha uinjiniya. Pa masamu, ntchito ya m'kati mwa semesita inkawerengedwa pa 40, mayeso omaliza pa 60, ndipo wokhoza amafunika 50. Iye m'kati mwa semesita anapeza 14 yokha, ndiye kuti pa mayeso ankafunika 36. Anapeza 30, zonse pamodzi 44. Sapu inali yake ndithu, ndipo mutu anali nawo woti n'kuikhoza. Koma atatsekera anapita kukathandiza amalume ake geni ya usipa ku Senga Bay, foni yopanda bandulo, potalo ya sukulu ya pa intaneti, pamene pamatuluka zotsatira ndi zidziwitso, osaitsegula. Pamene mnzake ankamuimbira, sapu inali italembedwa kale.

Onani tsopano mmene kosi imodzi imakokera zinzake. Masamu a chaka chachiwiri amafuna kuti ukhale utakhoza a chaka choyamba, choncho sanaloledwe kuwalembetsa. Anakhala wa chaka chachiwiri m'dzina, akuphunzira masamu ndi ana a chaka choyamba. Kosi ya keriovayo inkagundana pa ndandanda ndi labu ya chaka chachiwiri, ndipo palibe amene amasuntha ndandanda chifukwa cha munthu mmodzi. Ankajomba uku kuti apezeke uko. Masamuwo anawakhoza, inde, koma poti kosi zambiri zimaphunzitsidwa kamodzi pa chaka, masamu a chaka chachiwiri anawatenga ali chaka chachitatu, pamene makosi ena a chaka chachitatu ankafuna masamu omwewo. Mapeto ake anaonjezera chaka chathunthu: fizi ina, lendi ya hositelo ina, ndi chakudya cha miyezi yonseyo, zonse kuchokera m'thumba la mayi wogulitsa mpunga. Ndipo akanailakwanso keriovayo, nkhani ikanafika pa kubwereza chaka kapena kuwidedwa kumene, ndiye kuti kuchotsedwa sukulu.

Chimene chimandikwiyitsa kwambiri ndi chakuti mayi akewo anatumizanso ndalama pafoni kwa munthu wina amene ankati ali ndi "wake" ku ofesi woti asintha 44 kukhala 50. Makolo, tamverani. Malikisi sakhala m'kope la munthu mmodzi. Amadutsa kwa mphunzitsi, ku dipatimenti, kenako ku komiti zina mpaka ku Seneti, komiti yaikulu yoona za maphunziro pa yunivesite, ndipo amene wakuuzani kuti awakonza ndi wakuba basi. Mwana akagwidwa m'zoterezi akhoza kuchotsedwa sukulu. Ngati akukhulupirira kuti sanachongeredwe bwino, njira yake ilipo: kulemba apilo kapena kupempha kuti pepala lichongedwenso, mwa kalata, masiku oikika asanathe.

Chimodzimodzi matenda. Mwana akadwala malungo kapena kukagwa maliro nthawi ya mayeso, asalowe m'holo mokakamiza n'kudzadandaula zotsatira zitatuluka. Adziwitse sukulu pomwepo, ndi kalata ya kuchipatala m'manja, kuti apemphe kulemba nthawi ina. Mayeso otero amawerengedwa ngati oyamba, malikisi ake onse amalowa. Kalata yobwera patatha mwezi, mwana atalakwa kale, ife sitingachite nayo kanthu.

Ndiye mwana akakuuzani kuti ndi kosi imodzi yokha, musamufunse kuti ena wakhoza bwanji. Mufunseni kuti ndi kosi iti, sapu ikulembedwa tsiku liti, ndipo ndi makosi ati a kutsogolo amene akudalira imeneyo. Akapanda kuyankha, mugulireni bandulo atsegule potalo muli pomwepo, ndipo ya thiransipoti yobwerera kusukulu muyambe kuisunga tsiku lomwelo.