Gauti ikayambanso, musataye alopurinolo

Bambo wina wa zaka 52 analowa m'chipinda changa choonera odwala atavala nsapato phazi limodzi. Chala chachikulu cha phazi linalo chinali chotupa, chotentha, chonyezimira, ndipo anati usiku ngakhale nsalu yofunda ikachikhudza ankabuula. Aka kanali kachitatu chaka chomwecho. Mwezi umodzi m'mbuyomo anali atayamba kumwa alopurinolo, koma ululu utabwera patangopita milungu iwiri anasiya, poganiza kuti mankhwalawo ndi amene akuwapweteka. Odwala gauti ambiri amagwera pomwepa, ndipo zimandimvetsa chisoni chifukwa matendawa ali ndi mankhwala ogwiradi ntchito.

Gauti imayamba yuriki asidi akachuluka m'magazi n'kuundana m'mfundo ngati timchere tosongoka. Mankhwala ake ndi a mitundu iwiri: ena amathetsa kutupa kwa lero, ena amachepetsa asidiyo kuti kutupa kusadzabwerenso. Alopurinolo ndi wa mtundu wachiwiri, sachotsa ululu ngakhale pang'ono.

Ululu ukayamba, chofunika ndi kufulumira. Kolichisini amathandiza kwambiri akamwedwa m'maola 12 oyambirira: miligalamu imodzi, kenako theka la miligalamu patatha ola limodzi, basi tsiku limenelo. Kuonjezera sikuchiritsa msanga, kumangobweretsa kutsegula m'mimba ndi kusanza, ndipo mlingo waukulu ukhoza kupha. Njira ina ndi mankhwala ochepetsa kutupa monga napulokiseni kapena aibupulofeni, koma awa sitipereka kwa munthu wa zilonda za m'mimba, wa impso zofooka, kapena amene akumwa wafarini, mankhwala oletsa magazi kuundana. Bambo aja anali atadwalapo zilonda za m'mimba, choncho ndinawapatsa puredinisoloni, mamiligalamu 30 pa tsiku kwa masiku asanu, nditaona kaye kuti shuga wawo ali bwino, poti mankhwalawa amamukweza. Ndisaiwale: mfundo yotupa pamodzi ndi kutentha thupi kapena kunjenjemera ikhoza kukhala ndi mafinya, ndipo imafunika kuonedwa kuchipatala tsiku lomwelo.

Nanga n'chifukwa chiyani alopurinolo anaoneka ngati wadzutsa matenda? Asidi akayamba kutsika m'magazi, timchere tomwe tinaunjikana m'mfundo kwa zaka timayamba kusungunuka ndi kugumuka, ndipo thupi limalimbana nato. Kutupa kotereku kumachitikachitika m'miyezi yoyambirira, ndipo sikusonyeza kuti mankhwala alephera. N'chifukwa chake amene ali kale pa alopurinolo sayenera kusiya ululu ukabwera. Apitirize, aphatikize mankhwala a kutupa. N'chifukwa chakenso timayamba ndi mlingo wochepa, mamiligalamu 100 pa tsiku, kapena 50 ngati impso zili zofooka, ndipo timaperekanso kolichisini theka la miligalamu tsiku lililonse kwa miyezi itatu mpaka isanu ndi umodzi kuti atchinjirize. Bambo aja anayambira pa 300 nthawi imodzi popanda chowatchinjiriza.

Tinayambiranso. Magazi tinayeza patapita milungu itatu kutupa kutatha, chifukwa pa nthawi ya ululu asidi amatha kuoneka wotsika n'kutinamiza. Anapezeka pa 540, pamene tikufuna akhale pansi pa mamaikulomolo 360 pa lita, omwe malabu ena amalemba kuti mamiligalamu 6 pa desilita. Pansi pa mlingo umenewu timchere tatsopano sitipangika ndipo takale timasungunuka pang'onopang'ono. Kwa amene ali ndi timibulu tolimba pazala, pachigongono kapena pakhutu, timafuna atsike mpaka pansi pa 300. Tinkayeza mwezi ndi mwezi n'kuonjezera mamiligalamu 100. Atamwa 100 anali pa 460, pa 200 anafika 400, pa 300 anatsikira pa 345, ndipo tinaima pamenepo. Ena amafunika kupitirira mamiligalamu 300. Mlingo woyenera umadziwika ndi magazi, osati ndi momwe chala chikumvekera.

Pali chizindikiro chimodzi chokha chimene ndimachita kuwabwereza odwala kuti asachiiwale. Zidzolo pakhungu, makamaka pamodzi ndi kutentha thupi kapena zilonda m'kamwa, zimafuna kusiya alopurinolo nthawi yomweyo n'kuthamangira kuchipatala. Sizichitika kawirikawiri, ndipo zikabwera nthawi zambiri n'm'miyezi yoyambirira, koma zikhoza kuika moyo pachiswe. Woteroyo tingamusinthire ku febukisositati, mankhwala ena ochepetsa asidi. Auzeninso adokotala za mankhwala onse amene mukumwa. Azathayopurini, mankhwala ochepetsa chitetezo cha m'thupi, ndi woopsa akaphatikizana ndi alopurinolo, ndipo mankhwala ena okodzetsa a kuthamanga kwa magazi amakweza asidi. Bambo aja ankamwa amodzi mwa amenewa, ndipo tinawasinthira ku losatani.

Tsopano amabwera kamodzi pa chaka kudzayezetsa asidi ndi impso. Ulendo wapitawu anandifunsa kuti, "Adokotala, poti chatha chaka ndisanadwale, ndingasiye?" Ndinawayankha kuti, "Ayi bambo, mukasiya asidi abwerera pomwe anali m'milungu yochepa, ndipo timchere tija tiyambanso kuunjikana mwakachetechete." Anatenga pepala lawo la mankhwala a miyezi ina itatu.