Chipinda chimodzi, masamu atatu: matailosi, pulasitala ndi penti

Mwezi wathawu ndinali pa ntchito kufupi ndi pa Chitakale, kwa mayi ena aphunzitsi omwe akumalizitsa nyumba yawo pang'onopang'ono monga timachitira tonse, malipiro akalowa kugulako kenakake. Matailosi anagula okha ku Limbe ndisanafike. Ku shopu anangowafunsa kuti chipinda ndi chachikulu bwanji, anachulukitsa pa foni, n'kuwapatsa makatoni 8. Tikuika, mzere wa siketing'i usanathe matailosi psiti. Anakweranso minibasi, mtundu anaupeza inde, dzina lomwelo, koma atafika nawo tinaona kuti ndi oderako pang'ono kusiyana ndi oyamba aja, ndipo mpaka lero ukalowa m'chipindamo diso limathamangira pomwepo. Zinandipweteka mtima chifukwa ndalama ya mphunzitsi ndimaidziwa mmene imavutira. Ndiye ndati ndilembe masamu a chipinda chomwecho kuti nanunso muziwerengera nokha musanapite ku hadiweya.

Chipindacho ndi mamita 4 mulitali, 3.5 mulifupi, khoma kuchoka pansi kufika ku siling'i 2.8. Chitseko chimodzi, windo limodzi. Tengani tepi muyeze nokha, za pa pulani musazidalire chifukwa chomwe chinajambulidwa ndi chomwe abilidala anamanga sizimafanana kawirikawiri. Muyezenso chopingasa, kona ndi kona, mbali zonse ziwiri. Pa chipinda ichi mbali iliyonse imayenera kupereka mamita 5.32, ndipo mukapeza kuti ina yaposa inzake ndi masentimita 4 kapena 5 dziwani kuti chipinda sichili sikweya, matailosi odula achuluka.

Tiyambe ndi matailosi omwewo poti ndi pomwe anthu amalira kwambiri.

Pansi ndi 4 x 3.5 = 14 sikweya mita. Matailosi awo anali a 40 x 40, katoni imodzi muli 12, ndipo pa katonipo panalembedwa 1.92. A ku shopu anagawa 14 ndi 1.92 n'kupeza 7.3, ndiye anati tengani 8 zotsalazo ndi za zosweka. Kumva kwake zikumveka bwino, ndi matailosi 96. Koma ine sindiwerengera choncho, ndimawerenga mizere ngati mmene ndikagonekere pansi. Mulitali mamita 4 mukulowa matailosi 10. Mulifupi 3.5 mukulowa 8 athunthu n'kutsala masentimita 30, ndipo malo amenewo amadya tailosi yathunthu chifukwa kachidutswa ka masentimita 10 kotsalako simungakaike pakati pa chipinda. Ndiye ndi mizere 9, 9 x 10 = 90. Onani kuti tisanaswe ngakhale imodzi tatsala ndi 6 okha.

Kenako siketing'i, yomwe pafupifupi aliyense amaiwala. Kuzungulira chipinda ndi 4 + 4 + 3.5 + 3.5 = mamita 15, kuchotsa pakhomo 0.9, kutsala 14.1. Tizidutswa ta masentimita 40 tikufunika 36. Pa pepala tailosi imodzi imatulutsa tizidutswa 4 ta masentimita 10, koma pa ntchito ine ndimawerengera 3, chifukwa chodulira chimadya pang'ono ndipo kena kamathetheka m'mbali. Amenewo ndi matailosi 12 ena, tafika 102. Tizidutswa totsala pa mzere womaliza tija nthawi zina timalowa mu siketing'i ngati mmisiri ali ndi gilayinda ndi dzanja labwino, koma sinditiwerengera, tikapulumuka ndi mwayi wanu. Onjezani 5 osweka, chifukwa pa msewu wa Thyolo uja ndi mabampu ndi kutsitsa kwa anyamata simungafike nawo onse amoyo, ndiye 107. Makatoni 9 ndi 108. Apa ndi pomwe mayi aja anaperewera katoni imodzi yokha basi.

Ine ndikanati agule 10, yomalizayo aisunge pansi pa bedi. Tsiku lina mtondo kapena silinda ya gasi idzagwera pansi, tailosi idzang'aluka, ndipo mtundu umenewo mu shopu udzakhala unatha kalekale. Pogula yang'anani m'mbali mwa katoni, pamakhala nambala ya mtundu ndi ya gulu lomwe anaotchera limodzi ku fakitale, makatoni onse nambala zifanane. Ngati mukufuna aikidwe mopendeka monga dayamondi, dziwani kuti khoma lililonse mudula, onjezani 15 pa 100 iliyonse m'malo mwa 10.

Pulasitala ndiye masamu ake ali pa khoma lenilenilo kuposa pa tepi. Makoma onse ndi 15 x 2.8 = 42 sikweya mita. Chitseko 0.9 x 2.1 ndi pafupifupi 1.9, windo la 1.2 x 1.5 ndi 1.8, kuchotsa zimenezi tatsala ndi 38. Mpaka apa aliyense atha. Chovuta ndi kunenepa kwa pulasitalayo. Khoma la mabuloko lomangidwa mowongoka limalola mamilimita 12 mpaka 15. Koma njerwa zathu zoumba pamanja ndi zootcha kumudzi, ina yaikulu ina yaing'ono, ina yopindika, khoma lake limafuna 20 ndipo malo ena kupitirira. Musanagule simenti tengani thabwa lowongoka la mamita awiri, kapena kokani chingwe kuchoka kona kufika kona, muone mpata pakati pa chingwe ndi njerwa. Chala chikamalowa momasuka malo ambiri, werengerani 20.

Kasakanizidwe komwe ndimagwiritsa m'kati mwa nyumba ndi muyezo umodzi wa simenti ku miyezo 5 ya mchenga. Thumba la makilogalamu 50 ndi malita pafupifupi 35, silidzaza ndowa ziwiri za malita 20, ndiye mchenga wake ndi ndowa 9 zosadzaza mpaka kusefukira, kapena mawilibala awiri ndi theka kupitirirako pang'ono. Thumba limodzi lotere limamata 10 sikweya mita ndi kachidutswa pa mamilimita 15, koma pa 20 limathera pa 8. Chipinda chathu cha 38 ndiye kuti khoma labwino matumba 4 akwana ndi zogwa pansi zomwe, mchenga mawilibala 11. Khoma la njerwa zokhota, 38 kugawa ndi 8 ndi 4.75, kuonjeza chakhumi cha zotayika ikupitirira 5, ndiye konzekerani lachisanu ndi chimodzi, mchenga mawilibala 15. Kusiyana kwa mamilimita 5 okha, ochepa kuposa kunenepa kwa pensulo, kwadya thumba ndi kachidutswa. Mmisiri akakuuzani kuti simenti yatha musathamangire kuganiza kuti wagulitsa, pitani kaye mukaone pa felemu ya chitseko mmene pulasitala wanenepera.

Zotayika pa pulasitala zimachokera kuwiri. Matope ogwa pansi pomenya, omwe mwana wothandiza akamawola msanga pansi posesa bwino amabwereranso pakhoma, ndi mchenga wotsala pa sefa. Mchenga wa mumtsinje kuno umabwera ndi timiyala tambiri, mukasefa mulu umatsika moonekeratu, ndiye oda wopitirira. M'mbali mwa windo ndi chitseko namonso mumadya matope kuposa mmene mumaonekera, n'chifukwa chake mawindo ang'onoang'ono ngati a ku bafa sindiwachotsa n'komwe pa masamu.

Koma simenti musaigule mopitirira ngati matailosi. Kuno ku Mulanje chinyezi sichinyengerera, nthawi ya chiperoni thumba losiyidwa pa simenti yapansi kapena lotsamira khoma masabata ochepa limayamba mibulu. M'bulu ukamafumbutuka ndi zala ikadali bwino, ukalimba ngati mwala imeneyo yapita, pulasitala wake adzayoyoka. Simenti ya mtundu womwewo mudzaipeza mawa pa Chitakale kapena ku Luchenza ndipo pakhoma siidzaoneka kusiyana, ndiye gulani 5, lomalizalo mukaona mmene ntchito ikuyendera. Omwe mwagulawo muwasanje pa matabwa, kutali ndi khoma.

Penti amabwera pambuyo, ndipo chonde dikirani. Pulasitala watsopano amafuna masabata pafupifupi 4 kuti aume, nyengo ya mvula kapena ya chifunga kuposa apo. Mukaona mawanga oderako pakhoma madzi akadalimo, mukapaka pamenepo penti adzatupa matuza n'kuyamba kusupuka.

Pa chitini chilichonse amalemba kuti lita imodzi imapaka malo aakulu bwanji, werengani pamenepo, koma nambala imeneyo ndi ya khoma losalala lomwe linapakidwapo kale. Pa pulasitala watsopano ine ndimatenga 8 sikweya mita pa lita. Choyamba ndi pulayima wa pulasitala, ulendo umodzi: 38 kugawa ndi 8 ndi 4.75, chitini cha malita 5 chikwana koma mothinana, ngati khoma ndi lokhakhala chiperewera. Kenako penti wa madzi maulendo awiri, 38 x 2 = 76, kugawa ndi 8 ndi malita 9.5. Apa ambiri amati zitini ziwiri za malita 5 zakwana, kuiwala kuti rola ndi bulashi zimamwa, wina amatsalira m'thireyi, wina amadonthera pansi. Onjezani chakhumi mufika 10.5, zitini ziwiri zaperewera kale. Ngati siling'i nayo ndi ya mtundu womwewo, 14 x 2 = 28, malita ena 3.5, zonse pamodzi ndi zotayika 14 ndi kachidutswa, zitini zitatu. Mukakhala ndi zipinda ziwiri kapena zitatu za mtundu umodzi funsani mtengo wa ndowa ya malita 20, kawirikawiri lita yake imatsikako.

Zomwe ndimakana ndi zothira madzi ambiri kuti penti atalike. Thirani mlingo womwe walembedwa pa chitini basi. Penti wosukuluka amaoneka bwino akadali wonyowa, akauma pulasitala amaonekera mkati ngati nsalu yopyapyala, ndiye mumapaka kachitatu ndi kachinayi, malita omwe mumapulumutsa aja mwagulanso ndi ndalama ya wopaka pamwamba. Chimodzimodzi kulumpha pulayima, khoma limamwa penti wodula uja ngati dothi la mu Okutobala.

Ngati mtundu ndi wochita kusakaniza ku shopu, ugulidwe wonse tsiku limodzi, ndipo musanayambe kupaka khuthulirani zitini zonse mu ndowa imodzi yaikulu mutakase bwino, chifukwa ngakhale zosakanizidwa ndi makina zimasiyanako pang'ono. Wotsala mutsekere mwamphamvu, mulembe pa chivindikiro kuti ndi wa chipinda chiti. Kwa mayi aphunzitsi aja tinatsala ndi theka la lita, ndipo linagwira ntchito sabata yomweyo pomwe anyamata polowetsa wadiropu anakanda khoma pafupi ndi chitseko.